Sabata ya mwezi wowala

Mnyamata wa ku bungwe lobwereketsa ndalama anafika pabenchi ya anaChisale Lachiwiri, nthawi imene msika wa Limbe umakhala zii, anthu atapita kukadya. Anali atavala malaya oyera, ndipo anaima chapatali pang'ono kuti mamba a usipa asamugwere.

"Amayi, pa sabata mumagulitsa zingati?"

"Zikayenda bwino, K410,000."

"Ndiye mukuchedweranji? Tikupatsani K500,000. Muzibweza K38,750 Lachisanu lililonse kwa masabata 16 basi. Pa K10 iliyonse imene mwagulitsa, yathu siikwana ndi K1 yomwe."

AnaChisale analandira pepala lija, nalipinda kanayi n'kulilowetsa m'chikwama cha m'chiuno. Anauza mnyamatayo kuti akafunse kaye. Mayi Bwanali a benchi yoyandikana, ogulitsa utaka, anadikira kuti apite kenaka anaseka.

"Mukafunsa ndani achemwali, poti bambo a kunyumba kulibe? Ife gulu lathu latsala munthu mmodzi. Lachisanu tikukasaina."

"Ndikafunsa kope langa."

Kopelo linali la mwana wa sukulu, lakuda ndi mafuta a nsomba m'mphepete. Anayamba kulembamo kumapeto kwa 2023, ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, pamene ankaona ndalama zikudzadza m'manja koma zigoba zimene ankaoda kunyanja zikucheperachepera. Sankalemba mwadongosolo. Pena tsiku linalipo, pena panali dzina la munthu wangongole lokha, pena nambala ya foni ya dalaivala wa lole. Komabe madzulo alionse ankalemba zimene zalowa.

Usiku umenewo ku Bangwe magetsi anali atazima. Atadya nsima, anayala mkeka, nayatsa tochi, n'kuitana Tadala, mwana wawo wa Fomu 3, kuti abwere ndi foni.

"Werenga bwinobwino pepalali. Usalumphe timalemba tating'onoto."

Tadala anawerenga pang'onopang'ono. Chiwongoladzanja chinali 6 peresenti pamwezi, chowerengedwa pa ndalama yonse ya K500,000 kwa miyezi inayi, ngakhale munthu atabweza kale theka. Anadina pafoni: K120,000. Zonse zobweza, K620,000. Kenaka panali K15,000 yoyendetsera mapepala, K5,000 ya inshulansi, ndi K50,000 imene bungwe limasunga ngati chikole mpaka ngongole itatha.

"Zimenezo amachotsa liti?"

"Asanakupatseni, amayi. M'manja mulandira K430,000."

"Ndiye chiwongoladzanja ndilipira cha ndalama imene sindinaigwire n'komwe?"

Tadala anayang'ananso pepala lija. "Zikuoneka choncho."

AnaChisale sanakwiye. Anaonapo katapila wa m'misika, amene K10,000 imabala K5,000 mwezi usanathe, ndipo poyerekeza ndi ameneyo pepalali linali laulemu. Chimene chinawavuta chinali funso la mnyamata uja. Anafunsa zimene amagulitsa, ndipo iwo anamuyankha zoona, koma ndalama imeneyo si yawo. Yambiri ndi ya asodzi a ku Msaka.

Anatsegula kope pa sabata ya kumapeto kwa mwezi, imene anthu apantchito anali atalandira. Anaoda zigoba 20 za usipa wofutsa pa K15,000 chimodzi, yonse K300,000. Atauika m'milu ya K500 ndi ya K1,000, n'kuwonjezera kabasela kwa makasitomala odziwika, analowetsa K410,000.

"Chotsera," anatero.

"Yatsala K110,000."

"Chotsanso K40,000 ya ulendo. K30,000 ndi ya ine kupita ndi kubwera, kudya ndi pogona, K10,000 ndi ya matumba."

Ulendo umenewo ankaudziwa ngati njira ya kuchigayo: minibasi kuchoka ku Limbe kudutsa Zomba, Liwonde mpaka Mangochi, kenaka ina ya ku Monkey Bay, n'kumalizira pa njinga yamoto kutsikira kugombe. Ankanyamuka Lamlungu masana, Lolemba m'mawa ali kale pa thandala kulimbana mtengo, usiku ali m'nyumba miyendo itatupa.

Panalinso tinthu timene munthu satiwerenga chifukwa timatuluka pang'onopang'ono: chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, majumbo, mlonda wosunga matumba usiku, anyamata onyamula katundu kuchokera pa depoti. Ataphatikiza zinafika K10,000. Pa K410,000 paja panatsala K60,000. Pakhomo pankalowa K30,000 pa sabata: ufa, makala, ndiwo zina poti ana sangadye usipa masiku onse, sopo, ndi kachigawo ka lendi kamene ankaika m'chitini.

"Yatsala K30,000, amayi. Iwo akufuna K38,750."

"Imeneyotu ndi sabata yabwino. Tsegula kutsogoloko, pamene ndinalemba ndi cholembera chofiira."

Inali sabata ya pakati pa mwezi, yomwenso mwezi unawala kunyanja. Asodzi a usipa amapha usiku, amaukopa ndi nyali kuti usonkhane pafupi ndi bwato asanaponye chilimira. Mwezi ukakhala wathunthu nyali sizigwira ntchito, usipa umabalalika, ndipo mathandala amakhala opanda kanthu. Sabata imeneyo anaChisale anayenda gombe lonse n'kupeza zigoba 14 zokha, K210,000, ndipo mtengo wakalewo anaupeza chifukwa msodzi wake anali wodziwana naye kalekale. Ku Limbe nako anthu anali ouma m'matumba, ongogula mulu umodzi n'kupempha basela. Analowetsa K270,000. Minibasi siitsitsa mtengo poti munthu wanyamula zochepa, choncho atachotsa ulendo ndi tinthu tija panatsala K10,000. Pakhomo panalowabe K30,000.

"Nanga K20,000 inayo inachokera kuti?"

"Tinadya mpamba. Iwe unadya nawo."

Tadala anaseka, koma mayi ake anali akuwerenga kale masabata ena awiri ndi chala. Ina inasiya K45,000, ina K35,000. Mwezi wonse pamodzi, K150,000. Kuchotsa K120,000 ya pakhomo, K30,000. Ngongole ija inkafuna K155,000 pa masabata anayi omwewo.

"Komatu amayi, simukuwerenga chilungamo," anatero Tadala. "Mukuwerenga ngati ndalamayo mukaibisa pansi pa bedi. K430,000 ndi zigoba 28. Zimenezo sizibweretsa phindu?"

AnaChisale anakhala chete. Mwanayu ananena zoona, ndipo mnyamata wa malaya oyera akanati alipo akanamuombera m'manja. Koma iwo anali atakhala pabenchi ija zaka zisanu ndi zinayi. Mzere wa usipa uli ndi azimayi ambirimbiri, ndipo anthu odutsapo ndi omwewo. Kuunjika zigoba 48 pabenchi sikungachititse mayi wa ku Chigumula kugula milu inayi pamene amagula iwiri. Usipa ukakhalitsa umayamba kunyenyeka, mitu kugwa, pansi pa thumba n'kutsala fumbi logulitsa kwa oweta nkhuku.

"Anthu sangachuluke chifukwa ine ndatenga ngongole. Koma ulendo ungachepe."

Anatenga cholembera okha. Atakhala ndi ndalama yoodera katundu wa masabata awiri nthawi imodzi, akhoza kumapita kunyanja kawiri pamwezi m'malo mwa kanayi. Ya matumba ikhala yomweyo, koma K30,000 ya thupi lawo ipulumuka kawiri. Imeneyo ndi K60,000 pamwezi yosadalira kasitomala aliyense watsopano. Akhozanso kusankha kupita mwezi uli mumdima, usipa uli mbwee, n'kusiya kuthamangitsana ndi asodzi sabata ya mwezi wowala. Kuphatikiza ndi K30,000 ija, K90,000.

"Sikukwanabe pa K155,000," anatero Tadala.

"Zotsalazo ndizizitapa pa mpamba wa ngongole womwewo. Lachisanu lililonse kutapa, kutapa. Pofika Ogasiti ndidzakhala ndabwerera ku ulendo wa sabata ndi sabata, koma K38,750 ikundidikirabe."

Anawerenga masabata pa kalendala ya tchalitchi yopachikidwa kukhoma. Kusaina kumapeto kwa Meyi kunkatanthauza kubweza mu Juni, Julaye, Ogasiti mpaka Seputembala. Imeneyo ndi miyezi ya mwera, pamene nyanja imatha masiku angapo mabwato osalowa. Seputembala ndi mwezi wotsegulira sukulu, wa yunifolomu, nsapato ndi makope a ana atatu. Ndiponso ngongoleyo inali ya pagulu: mmodzi akalephera, anzake amasonkha. Chaka chatha anaona ndi maso awo azimayi a gulu lina atanyamula matilesi ndi mapoto a mnzawo kudutsa nawo pamsewu wa ku Bangwe, mwiniwake akutsatira pambuyo chitenje chili kukamwa.

"Tayesa theka. Lemba K250,000."

Tadala anadina. Chiwongoladzanja K60,000, zonse K310,000, pa sabata K19,375. Zochotsa poyamba K35,000, m'manja K215,000.

"Zigoba zingati?"

"14, n'kutsala K5,000."

"Pa masabata anayi?"

"K77,500."

Pa K90,000 panatsala K12,500. AnaChisale anaiyang'ana nambalayo nthawi yaitali. Inali yopyapyala, yoti malungo a mwana mmodzi kapena thumba limodzi lonyowa panjira n'kuimaliza. Sabata ya mwezi wowala payokha siikanatha kulipira K19,375, ikanafunika kuthandizidwa ndi ya kumapeto kwa mwezi. Anadzuka, natenga chitini china cha mkaka chopanda kanthu pa shelefu, n'kuchiika pambali pa cha lendi. Kenaka anauza Tadala kuti alembe mafunso atatu kuseri kwa pepala lija: chilango cha kuchedwa tsiku limodzi ndi zingati, chikole amabweza tsiku liti ngongole ikatha, ndipo ngati munthu atabweza msanga chiwongoladzanja chimatsika kapena ayi.

Lachinayi mnyamata uja anabweranso ndi fomu m'manja. AnaChisale anali akupatula usipa wosweka m'lichero, ndipo sanaimirire.

"Achimwene, lembani K250,000."

"Amayi, ndalama imeneyo n'njochepa kwa geni ngati yanuyi. Anzanu onse akutenga K500,000."

"Anzanga ali ndi makope awo."

Anamupatsa pepala lija chakuseri. Mnyamatayo anawerenga, nayankha funso lachiwiri ndi lachitatu mosavuta: chikole chimabwera pakatha sabata ziwiri gulu lonse litamaliza, ndipo kubweza msanga sikutsitsa kanthu. Pa funso loyamba anakanda m'mutu, nati akafunsa kwa abwana.

"Kafunseni. Ndisaina mukabwera nalo yankho, lolembedwa."

Mayi Bwanali, amene ankamvetsera uku akuthamangitsa ntchentche pa utaka wawo, anasendera pafupi mnyamatayo atangotembenuka.

"Achemwali, mwana wanu uja amaweruka nthawi yanji? Inetu ndilibe kope, koma zina ndimazikumbukira."

"Folo koloko. Mubwere ndi pepala lanu."

Kasitomala anaima pabenchi, naloza mulu wa K1,000. AnaChisale anautsanulira m'jumbo, naponyamo tinsomba titatu tapamwamba.