Kufotokoza masilaidi a phunziro la Lachinayi: mtunda umene galimoto imayenda ikamangidwa mabuleki

Kwa ophunzira onse a chaka choyamba a fizikisi,

Magetsi atazima Lachinayi tinali pa silaidi yachitatu, ndipo ambiri mwa inu munangojambula masilaidi otsalawo pa foni osamva chifukwa chake mzere uliwonse ukubwera pamene wabwerapo. Ndalemba mawu awa kuti muwawerenge muli ndi masilaidiwo pambali. Pa mzere uliwonse muzidzifunsa ngati wachokera ku tanthauzo la mawu, ku lamulo la chilengedwe, kapena ku masamu chabe, chifukwa amene sasiyanitsa zitatuzi amangoloweza, ndipo funso likasinthidwa pang'ono amasowa pogwira.

Silaidi yoyamba ili ndi chithunzi cha minibasi imene ikuyenda mu msewu wa M1 kuchokera m'tauni kulowera ku Kanengo. Dalaivala waona mwana akuwoloka ndipo waponda mabuleki. Liwiro la minibasiyo pamene mabuleki ayamba kugwira ndi u, liwiro lake patapita nthawi t ndi v, ndipo mtunda umene yayenda m'nthawi imeneyo ndi s. Pansi pa chithunzicho pali zinthu zitatu zimene tagwirizana kuziyesa zoona: msewu ndi wowongoka, ndi wathyathyathya, ndipo liwiro likutsika mofanana sekondi iliyonse. Tasankhanso kuti mbali ya ku Kanengo ikhale ya pulasi, kotero chilichonse choloza kumbuyo, kum'tauni, chidzatenga mainasi. Musaidumphe silaidi imeneyi poona kuti ilibe masamu, popeza mizere iwiri ya kutsogoloku yaimirira pa zimene zalembedwa pamenepa.

Silaidi yachiwiri ikuyamba ndi mzere uwu:

a = (v − u) / t

Mzerewu sitinaupeze poyesa chinthu chilichonse, ndi tanthauzo chabe la akiselereshoni, ndiko kuti kusintha kwa liwiro kugawa ndi nthawi imene kusinthako kwatenga. Liwiro likatsika kuchoka pa mamita 20 pa sekondi kufika pa mamita 6 pa sekondi m'masekondi awiri, a ndi (6 − 20) / 2, yankho lake ndi −7 m/s², ndipo mainasiyo akungonena kuti kusinthako kwaloza kumbuyo. Mzere wotsatira ndi womwewo, tangousandutsa kuti t atsale yekha: tachulukitsa mbali zonse ziwiri ndi t, kenako tagawa mbali zonse ziwiri ndi a.

t = (v − u) / a

Kugawa ndi a kukuloledwa chifukwa a si ziro, pakuti minibasi ikuchepetsa liwiro. Wina angafunse chimene tavutikira kumusiya yekha t. Yankho ndi lakuti funso lathu ndi la mtunda, palibe amene anali ndi wotchi m'manja pamene mabuleki ankapondedwa, ndiye tikufuna kumulemba t m'zinthu zina kuti pambuyo pake timuchotse.

Silaidi yachitatu ndi imene ndikufuna mukhalitsepo. Ili ndi girafu ya liwiro, nthawi ili m'munsi, liwiro lili m'mbali, ndipo mzere wowongoka ukutsika kuchoka pa u kufika pa v. Pansi pake palembedwa kuti:

s = ½(u + v)t

Mzere umenewu suchokera ku silaidi yachiwiri ayi, ndi mfundo yatsopano, ndipo tiyenera kuona kumene yachokera. Galimoto ikamayenda pa liwiro losasintha, mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi, ndipo pa girafu umenewo ndi kukula kwa malo a rekitango amene ali pansi pa mzere. Liwiro likamasintha, tingathe kudula nthawi yonseyo m'tizidutswa ting'onoting'ono, kotero kuti m'kachidutswa kalikonse liwiro silisintha kwenikweni, ndipo kachidutswa kalikonse kamatipatsa karekitango kakang'ono. Tikaphatikiza timarekitango tonseto timapeza malo onse a pansi pa mzere, ndiye chifukwa chake timanena kuti malo amenewo ndiwo mtunda. Popeza mzere wathu ndi wowongoka, malowo ali ndi maonekedwe a tirapiziyamu, imene mbali zake ziwiri zoimirira ndi u ndi v, ndipo m'lifupi mwake ndi t. Kukula kwa tirapiziyamu ndi theka la mbali ziwirizo zitaphatikizidwa, kuchulukitsa ndi m'lifupi, ndipo zimenezo ndizo zalembedwa.

Onani bwino kuti mzerewo wawongoka chifukwa pa silaidi yoyamba tinagwirizana kuti liwiro likutsika mofanana. Dalaivala akanati aponde mabuleki pang'ono, kenako n'kupondetsa atafika pafupi, mzerewo ukanapindika, ndipo ½(u + v) sikanakhalanso liwiro la pakati la ulendowo. M'mayeso a chaka chatha ambiri anagwiritsa ntchito fomula imeneyi pa funso limene akiselereshoni inkasintha, ndipo masamu awo anali olondola kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma yankho linali lolakwika chifukwa mzere woyambira sunali woyenera pamenepo.

Pa silaidi yachinayi palibe fizikisi yatsopano. Tatenga t wa pa silaidi yachiwiri n'kumuika m'malo mwa t wa pa silaidi yachitatu, ndipo zimenezi n'zololedwa chifukwa t wa m'mizere iwiriyo ndi nthawi imodzimodzi ya ulendo umodzi womwewo.

s = ½(u + v)(v − u) / a

Tikachulukitsa mbali zonse ndi 2a timachotsa theka lija ndi a wa pansiyo nthawi imodzi:

2as = (v + u)(v − u)

Tikamasula mbali ya kumanja timapeza v² − uv + uv − u², ndipo ziwiri za pakatizo zimafafanizana chifukwa ndi chinthu chimodzi, china chili ndi pulasi china mainasi. Chotsala ndi 2as = v² − u², ndipo tikaphatikiza u² mbali zonse ziwiri timafika pa mzere wa m'bokosi:

v² = u² + 2as

Nthawi yachoka monga tinafunira. Komabe mpaka pano sitinanene chimene chikuimitsa minibasi, tangofotokoza kayendedwe kake, ndipo a akadali chilembo chopanda nambala.

Silaidi yachisanu ndiyo ikulowetsa mphamvu. Chithunzicho chikuonetsa mivi itatu. Muvi woloza pansi ndi kulemera kwa minibasi, mg, pamene m ndi masi yake pamodzi ndi anthu ndi katundu, ndipo g ndi 9.8 m/s². Kuno ku Lilongwe g ndi yocheperako pang'ono, pafupifupi 9.78, chifukwa tili kufupi ndi ikweta komanso pamtunda, koma kusiyana kumeneko sikusintha kanthu pa ntchito ya lero. Muvi woloza m'mwamba ndi N, mphamvu imene msewu ukukankha nayo matayala. Minibasi sikumira m'phula ndipo sikunyamuka, choncho mivi iwiriyo ndi yofanana:

N = mg

Apa ndi pamene kuthyathyathika kwa msewu kwagwira ntchito, chifukwa pa chitunda kapena pa mtsetse N sangafanane ndi mg. Muvi wachitatu, woloza kumbuyo, ndi mphamvu ya kukhulana kwa matayala ndi phula, ndipo talemba F = μN. Mzere uwu ndi wa mtundu wina. Si tanthauzo, ndiponso si lamulo lolimba ngati la Newton, koma ndi zimene anthu anapeza poyesa, kuti zinthu ziwiri zikamakhulana mphamvuyo imakula molingana ndi mmene zapanikizirana, ndipo μ ndi nambala yopanda muyeso imene imadalira zinthu ziwirizo. Tikaika mg m'malo mwa N timapeza F = μmg.

Tsopano tikugwiritsa ntchito lamulo lachiwiri la Isaac Newton, limene analifalitsa mu 1687, loti mphamvu yotsala pa chinthu ndi masi kuchulukitsa ndi akiselereshoni. Dalaivala wachotsa phazi pa moto, mphepo taisiya poiyesa yochepa, ndiye mphamvu yokhayo ya m'mbali ndi F, imene yaloza kum'tauni:

−μmg = ma

Mainasi ameneyo sanabwere kuti yankho lituluke bwino, wachokera ku mbali imene tinasankha pa silaidi yoyamba. Tikagawa ndi m mbali zonse timatsala ndi a = −μg. Masi yachoka chifukwa yaonekera kawiri pa zifukwa ziwiri zosiyana: galimoto yolemera imavuta kuimitsa, koma imapanikizanso phula kwambiri, ndipo ziwirizi zimakula mofanana. Mmodzi wa inu anandifunsa pakhomo ngati zimenezi zikutanthauza kuti kondakitala angathe kupakira matumba a chimanga mmene angafunire. Sichoncho. Polemba F = μN tayesa kuti mabuleki ali ndi mphamvu zokwanira kugwira matayala onse mpaka pamene phula lingathere, ndipo m'galimoto yodzaza mopyola muyeso mabuleki amatentha n'kufooka, kotero chimene chikuchepetsa mphamvu sichikhalanso phula koma mabulekiwo, ndipo mzere wathu sugwiranso ntchito.

Silaidi yachisanu ndi chimodzi ikulumikiza mbali ziwirizi. Minibasi ikaima v ndi ziro, ndipo a tamupeza kale, choncho mzere wa m'bokosi uja ukukhala 0 = u² − 2μgs. Tikaphatikiza 2μgs mbali zonse, kenako n'kugawa ndi 2μg, timapeza:

s = u² / (2μg)

Musanakhulupirire fomula, yesani miyeso yake. Pamwamba pali m²/s², pansi pali m/s², ndipo mukagawa mumatsala ndi mamita, monga mtunda uyenera kukhalira. Mungathenso kudzera njira ya eneji: minibasi inali ndi ½mu², kukhulana kwagwira ntchito ya μmgs, ndipo mukazifananitsa ziwirizi mufika pa mzere womwewu osadzera pa girafu.

Pa silaidi yomaliza pali manambala, ndipo μ wa 0.7 pa phula louma ndi 0.4 pa phula lonyowa ndangowasankha ngati zitsanzo, sindinawayese pa M1. Liwiro liyenera kukhala m'mamita pa sekondi, ndiye makilomita pa ola timawagawa ndi 3.6, popeza kilomita ili ndi mamita 1,000 ndipo ola lili ndi masekondi 3,600. Makilomita 36 pa ola ndi mamita 10 pa sekondi, choncho u² ndi 100, pamene 2μg pa phula louma ndi 13.72, ndipo 100 kugawa ndi 13.72 kukupereka mamita 7.3. Makilomita 72 pa ola ndi mamita 20 pa sekondi, ndipo 400 kugawa ndi 13.72 kukupereka mamita 29.2. Liwiro lawonjezeka kawiri koma mtunda wawonjezeka kanayi, ndipo mukalondola m'mbuyo mupeza kuti u² ameneyo anabadwa pa silaidi yachinayi, pamene tinachulukitsa (v + u) ndi (v − u): galimoto yothamanga imatenga nthawi yaitali kuti iime, ndipo m'nthawi yonseyo ikuyendanso mofulumira. Mvula ya mu Januwale ikagwa, 2μg imatsika kufika pa 7.84, ndipo pa liwiro lomwelo la makilomita 72 pa ola, 400 kugawa ndi 7.84 kukupereka mamita 51.

Kumbukiraninso kuti s akuyambira pamene mabuleki agwira, osati pamene dalaivala waona mwana. Ngati pakati pa ziwirizi papita sekondi imodzi, minibasi ya mamita 20 pa sekondi yayenda kale mamita 20 liwiro lisanasinthe, ndipo amenewo ayenera kuphatikizidwa padera, chifukwa m'sekondi imeneyo a ndi ziro ndipo kugawa kwa pa silaidi yachiwiri sikuloledwa.

Pofika Lachiwiri, aliyense abwere atalembanso silaidi yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi poyesa kuti minibasi ili pa mtsetse wa madigiri 5, ndipo pambali pa mzere uliwonse alembe ngati wasintha kapena ayi, ndi chifukwa chake. Masilaidi a chiwiri mpaka chinayi musawakhudze musanatsimikize kuti pali china chimene mtsetse wasinthamo.