Kalata kwa otibweretsera katundu: za kuchedwa kobwerezabwereza ndi kusintha kwa mgwirizano

17 Malichi 2025

Kwa Mkulu Woona za Malonda

Bwana,

KUCHEDWA KWA KATUNDU WATHU NDI MFUNDO ZATSOPANO ZA MGWIRIZANO

Ndalemba kalatayi m'malo mwa eni lesitilanti ino pofuna kukudziwitsani kuti sitikukhutiranso ndi momwe katundu wathu wakhala akufikira m'masabata asanu ndi limodzi apitawa, ndiponso kuti tasintha mfundo zina za mgwirizano wathu kuyambira pa 1 Epulo 2025. Nkhaniyi tinaikambirana kale pa foni kawiri, pa 17 Febuluwale ndi pa 3 Malichi, ndipo maulendo onse awiri munandilonjeza kuti zinthu zisintha. Poti sizinasinthe, ndaona kuti n'kwabwino kuti ulendo uno zonse zilembedwe.

Malinga ndi mgwirizano umene tinasainirana zaka zitatu zapitazo, nyama, nkhuku, mazira ndi ndiwo zamasamba ziyenera kufika pakhomo la khitchini yathu Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu nthawi isanakwane 7 koloko m'mawa. Kuchokera pa 3 Febuluwale mpaka pa 14 Malichi munayenera kubwera maulendo 18, ndipo buku lathu lolembamo katundu wolandiridwa likusonyeza kuti maulendo 7 mwa amenewa munachedwa. Pa 5 Febuluwale galimoto inafika 9:40, pa 14 inafika 11:15, pa 17 inafika 8:50, pa 28 inafika 10:30, pa 7 Malichi inafika 11:40 ndipo pa 12 Malichi inafika 9:05. Lachisanu pa 21 Febuluwale sinabwere n'komwe, katunduyo tinamulandira Loweruka masana. Pa maulendo onsewa, ndi kamodzi kokha pamene wina wa ku ofesi yanu anatiimbira foni kutichenjeza. Maulendo ena onse ndife amene tinkaimba, ndipo yankho linali lomwelo lakuti galimoto ili m'njira.

Mwina kwa munthu amene sagwira ntchito m'khitchini kuchedwa kwa maola atatu kungaoneke ngati nkhani yaing'ono, poti katunduyo amafikabe tsiku lomwelo. Ndiloleni ndifotokoze zimene zinachitika pa 7 Malichi. Timayamba kupereka chakudya chamasana 12 koloko, ndipo tsiku limenelo tinali ndi gulu la anthu 40 amene anasungitsa malo kutatsala sabata yathunthu. Ophika anayi anafika 6 koloko monga mwa masiku onse, anatsuka mapoto, ananola mipeni, kenaka n'kukhala pansi kumadikira. Itakwana 9 koloko wophika wamkulu anandiuza kuti sangadikirenso, choncho ndinatuma anthu awiri kukagula nkhuku ndi ndiwo kwina, pa mtengo wokwera kuposa wanu komanso zosasankhidwa bwino. Nyama yofunika kuwira pang'onopang'ono kwa maola atatu sikanatheka, moti tinafufuta zakudya zitatu pa menyu, ndipo operekera zakudya anayenda tebulo ndi tebulo kupepesa. Galimoto yanu italowa 11:40, mabokosi anaunjikidwa pakhomo pa nthawi imene panalibe ngakhale munthu mmodzi wa mpata woti awerenge kapena kuyeza pa sikelo. Kasitomala amene wakhala akudikira mbale yake sadziwa dzina la kampani yanu, amadziwa lathu, ndipo amene anasungitsa malo aja anandilembera mawa lake kundifunsa ngati angatidalirenso.

Palinso chinthu china chimene chikundidetsa nkhawa kuposa makasitomala okhumudwa. Pa 28 Febuluwale ndi pa 7 Malichi tinayeza nkhuku zitangotsitsidwa, ndipo chipangizo chathu chinasonyeza madigiri 11 ulendo woyamba ndi madigiri 13 ulendo wachiwiri. Monga mukudziwa, nyama yaiwisi iyenera kusungidwa pa madigiri osapitirira 5, chifukwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 m'pamene tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga, ndipo malire amenewa ndi amene Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limaphunzitsa aliyense wogwira zakudya. Nkhuku yotero imaoneka bwinobwino, sinunkha, koma sitingaipereke kwa munthu. Makilogalamu 22 a pa 7 Malichi tinawabweza ndi dalaivala yemweyo, koma ndaona kuti alembedwabe pa invoisi ya sabata imeneyo, ndiye ndikupempha kuti achotsedwepo.

Zifukwa zimene tapatsidwa zakhala zikusinthasintha: tsiku lina galimoto inawonongeka, tsiku lina dalaivala anadwala, tsiku lina katundu anachedwa kupakiridwa. Sindikutsutsa kuti zimenezi zimachitika, ndipo chaka chatha pamene galimoto yanu inafera panjira sitinadandaule ngakhale pang'ono. Koma ndikayang'ana masikuwa ndikuona kuti anayi mwa asanu ndi awiriwo ndi Lachisanu, kutanthauza kuti mwa masiku a Lachisanu asanu ndi limodzi munasunga nthawi kawiri kokha. Galimoto siisankha tsiku loti iwonongeke. Maganizo anga ndi akuti mwawonjezera makasitomala pa ulendo wa Lachisanu popanda kuwonjezera galimoto, ndipo ife tasunthidwa kukhala omalizira, zomwenso zikufotokoza chifukwa chake nyama ikufika itafunda, popeza chitseko cha filiji ya m'galimoto chimakhala chatsegulidwa ndi kutsekedwa m'malo ambiri isanafike kwathu. Ngati ndalakwitsa, mundikonze. Ngati ndi zoona, ndiye kuti vutoli silingathe ndi kupepesa, lifunika kusintha ndondomeko ya maulendo anu. Ndinene pano kuti dalaivala wanu ndi mnyamata amene amamuthandiza ndi anthu aulemu ndi olimbikira ntchito, ndipo sindikufuna kuti kalatayi iwapezetse mavuto pa zinthu zimene sakonza iwo.

Ndime 9 ya mgwirizano wathu imalola mbali iliyonse kupereka mfundo zatsopano polemba kalata kutatsala masiku 14, ndipo ndikugwiritsa ntchito ndime imeneyi. Kuyambira pa 1 Epulo katundu azifika pakati pa 6 koloko ndi 7:30 m'mawa. Muona kuti tawonjezera mphindi 30 pa nthawi yakale, ndipo tachita dala kuti pasakhale kukangana pa mphindi zisanu kapena khumi. Nthawi yofikira izilembedwa pa pepala lolandirira katundu, ndipo azisayina ndi dalaivala wanu pamodzi ndi wolandira katundu wathu, aliyense n'kusunga lake. Mukadziwa kuti muchedwa, mutiimbire foni isanakwane 6 koloko, osati kutumiza uthenga wolemba, chifukwa nthawi imeneyo palibe amene amakhala akuyang'ana foni m'khitchini.

Katundu akafika pakati pa 7:30 ndi 9 koloko tizichotsa 5 peresenti pa invoisi ya tsiku limenelo, ndipo akafika pakati pa 9 ndi 10 koloko tizichotsa 10 peresenti. Ikadutsa 10 koloko tidzakhala ndi ufulu wokana katundu yense kapena gawo lake n'kukagula kwina, ndipo ndalama imene tidzawonjezere pamwamba pa mtengo wanu tidzaichotsa pa malipiro a mwezi umenewo, titakusonyezani malisiti. Ngati munatichenjeza isanakwane 6 koloko, chilangocho chizichepetsedwa ndi theka, chifukwa kuchedwa kodziwika kale kumatipatsa mpata wosintha menyu ndi kugawa ntchito mwa njira ina. Nyama ndi nkhuku tiziyeza pamaso pa dalaivala, ndipo chilichonse chopitirira madigiri 5 chizibwerera ndi galimoto yomweyo popanda kulipiridwa. Musasinthenso chinthu chimene taitanitsa ndi china chofanana nacho musanatifunse.

Kwa miyezi itatu, kuyambira Epulo mpaka Juni, oda ya nyama ndi nkhuku ya Lachisanu tiipereka kwa kampani ina, pamene mazira ndi ndiwo zamasamba za tsikulo komanso oda yonse ya Lolemba ndi Lachitatu zikhalabe kwa inu. Ndikudziwa kuti mfundo iyi ndiyo imene ikupwetekeni kwambiri, ndipo ndaona kuti ndi bwino muimve kwa ine osati kwa anthu ena. Lachisanu ndi Loweruka ndiwo masiku amene amalipira antchito athu, ndipo madzi afika m'khosi moti sitingapitirize kuwaika pa chiswe. Mukasunga nthawi m'miyezi itatuyi, oda imeneyi idzabwerera kwa inu pa 1 Julaye. Koma mukachedwa katatu m'mwezi umodzi, tidzathetsa mgwirizano wonse titakupatsani chidziwitso cha masiku 14.

Nafenso tili ndi zoti tikonze, ndipo sindibisa. Kawiri m'mwezi wa Febuluwale tinasintha oda usiku, katundu atapakiridwa kale, ndipo tsiku lina galimoto yanu inadikira pageti pafupifupi theka la ola chifukwa wosunga makiyi a sitolo anali asanafike. Kuyambira tsopano oda yathu izikufikani isanakwane 3 koloko masana kutatsala tsiku limodzi kuti mubweretse katundu, inu muzitsimikiza kuti mwailandira isanakwane 5 koloko, ndipo ikatsimikizidwa sitiziisinthanso. Wolandira katundu azikhala pakhomo kuyambira 6 koloko, ndipo galimoto yanu siizikhala pano kupitirira mphindi 20. Kuwonjezera apo, mwezi uliwonse umene simunachedwe ngakhale kamodzi tizikulipirani pasanathe masiku 14 m'malo mwa masiku 30 amene timatenga panopa. Ndikukhulupirira kuti kwa kampani imene imagula katundu wosachedwa kuwonongeka ndi ndalama zapamanja, masiku 16 amenewa ndi aphindu kuposa chilango chilichonse chimene ndatchula pamwambapa.

Sitinathamangire kufunafuna otibweretsera ena chifukwa katundu wanu, akafika pa nthawi yake, ndi wabwino, sikelo yanu ndi yachilungamo, ndipo m'zaka ziwiri ndi theka zoyambirira sindikumbukira tsiku limene ndinakuimbirani foni yodandaula.

Ndikupemphani kuti tikumane kuno Lachinayi pa 20 Malichi nthawi ya 3 koloko masana, pamene khitchini imakhala itapumako, ndipo zingathandize mutabwera ndi amene amakonza maulendo a magalimoto anu. Ngati pali mfundo imene mukuona kuti simungaikwanitse, makamaka ya nthawi, ndi bwino muinene pa msonkhanowo kusiyana ndi kusayina chinthu chimene chidzatikanganitse m'sabata yoyamba. Ndaphatikiza makope awiri a mfundo zatsopanozi pamodzi ndi masamba a buku lolandirira katundu osonyeza masiku ndi nthawi zimene ndatchula. Chonde sayinani kope imodzi ndi kuibweza pasanafike Lolemba pa 24 Malichi. Tikapanda kumva kuchokera kwa inu pofika tsiku limenelo, tidzaona ngati simukufuna kupitiriza, ndipo oda yathu yomaliza idzakhala ya Lolemba pa 31 Malichi.

Ine wanu,

Manijala wa lesitilanti