Mawu a mchimwene wa mkwatibwi pa madyerero a ukwati wa Tadala ndi Yamikani

Abusa ndi amayi busa, mafumu athu amene mwachokera ku Dedza ndi ku Nkhotakota, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makolo a mkwati, amayi athu amene mwakhala apo ndi duku latsopano, abale ndi alendo nonse, ndikupatsani moni ndipo ndikuthokozani chifukwa chosiya ntchito zanu kudzakhala nafe lero kuno ku Lilongwe. Ine ndine mchimwene wake wa mkwatibwi, mwana woyamba m'nyumba mwathu, ndipo Tadala ndiye chitsirizira. Mtsogoleri wa mwambo wandipatsa mphindi zochepa, ndipo ndikuona kuti amayi a kukhitchini ayamba kale kufunulira miphika, choncho ndiyesetsa kuti mpunga wa ku Nkhotakota umene asewere athu abweretsa usazizire chifukwa cha ine.

Tadala anabadwa m'mwezi wa Juni, ndipo amene mumadziwa dera la Bembeke mukudziwa kuti Juni wa kumeneko sacheza ndi munthu. Agogo athu atamuona ananena kuti mwana wobadwa m'chisanu chotere adzakhala wouma mtima kapena wofunditsa anzake. Lero ndikuima pano kuchitira umboni kuti anasankha chachiwiricho, ndipo anayamba msanga kwambiri. Asanayambe ndi sukulu yomwe, anali atatsegula kale chipatala kuseri kwa nkhokwe. Odwala ake oyamba anali nkhuku za amayi, zimene ankazimanga miyendo ndi nsanza ngakhale kuti sizinadandaule za matenda alionse. Kenako anafika pa mbuzi, ndipo pamapeto pake anafika pa ife abale ake. M'nyumba mwathu munthu sankatsokomola poyera, chifukwa ukangotsokomola kamodzi Tadala ankabwera ndi madzi a mandimu m'kapu, nkuimirira pomwepo mpaka utamwa onse. Alamu, ndikukuuzani izi pamaso pa anthu kuti mudziwiretu: chifuwa chikakugwirani, musavutike kuchibisa, chifukwa adzachimva ngakhale ali kuntchito.

Bambo athu atatisiya mu 2012, Tadala anali mu fomu 2, ndipo panali anthu ena amene ankatilangiza mwachikondi ndithu kuti mtsikanayu apume kaye sukulu, athandize amayi kumunda. Amayi anakana, ndipo mwini wakeyo anakana koposa. Fizi yake inachokera mu mbatata ya kachewere. Tinkalima tonse, ine nkumanyamula matumba pa njinga kupita nawo kumsewu wa M1, koma wosunga kaundula anali iyeyo. Anali ndi kope la masamu limene kumapeto kwake ankalembako thumba lililonse, mtengo wake, ndi dzina la aliyense amene watenga pa ngongole. Amalume athu amene akhala kutsogoloko akhoza kuvomereza kuti kope limenelo silinkaona nkhope, ndipo ndikuona kuti akugwedeza mutu. Analemba mayeso a MSCE mu 2014, anakhoza bwino, ndipo anapita ku Nkhoma kukaphunzira unamwino. Tsiku limene anavala yunifomu yoyera koyamba, amayi anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa.

Chimene ndikufuna kuti abale a ku Nkhotakota mumve kuchokera kwa ine, amene ndamuona kuyambira ali kumsana, ndi chakuti mtsikana amene tikukupatsaniyu sasiya munthu panjira. Atalandira malipiro ake oyamba sanagule foni kapena nsapato. Anagula malata nkufolera nyumba ya amayi, imene inkadontha dzinja lililonse, ndipo chaka chotsatira anatenga mwana wa msuweni wathu nkumubwezera kusukulu. Mwanayo ndi uja wanyamula maluwa a mkwatibwi kutchalitchi m'mawa uno. Zimenezi Tadala sazinena, ndipo ndikudziwa kuti pakali pano akundiyang'ana ndi diso lakuti ndisiye, koma lero mwambo sukumulola kuyankha, choncho ndipitiriza.

Tsopano ndifike kwa a Yamikani. Mlongo wanga atandiuza kuti pali munthu amene akufuna kudzaonekera kwathu, ndinafunsa mafunso amene mchimwene aliyense amafunsa: kwawo nkuti, amagwira ntchito yanji, amapemphera kuti. Anandiyankha kuti ndi mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndipo ndinaona kuti kope lija lapeza woliwerenga. Anafika kwathu m'mwezi wa Julaye, madzulo, atavala shati ya manja aafupi monga achitira anthu a kunyanja amene sanamvepo mphepo ya m'phiri la Dedza. Anakhala pa mpando mwaulemu wonse, manja ali pa mawondo, mano akugundana, koma tikawafunsa ngati akumva kuzizira ankayankha kuti ayi, ali bwinobwino. Amayi anawamvera chisoni nkuwafunditsa bulangete, ndipo zokambirana zonse za tsiku limenelo a Yamikani anazichita ali m'bulangete la apongozi awo. M'mawa mwake tinawapeza atadzuka tisanadzuke, akuwaza nkhuni kuseri, ndipo mpaka lero sitinagwirizane m'banja mwathu ngati linali khama la mkamwini kapena njira yopezera kutentha.

Koma kuwadziwa kwenikweni ndinawadziwa mu Januwale 2023. Mukukumbukira kuti kolera inavuta kwambiri m'dziko muno nthawi imeneyo, mpaka boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za mu Lilongwe ndi mu Blantyre. Tadala anaikidwa ku matenti a odwala kolera, kumene ankagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo ife kumudzi tinkagona ndi mantha. A Yamikani, popeza sukulu inali yotseka, ankaphika okha, nkukwera minibasi m'mvula, nkukaima pa geti la chipatala ndi chakudya chotentha kudikira mpaka atatuluka. Nthawi zina ankangomuona mphindi ziwiri, nthawi zina ankasiya chakudyacho kwa alonda nkubwerera. Usiku uliwonse ankaimbira foni amayi kuwauza kuti mwana wawo wadya ndipo ali bwino. Sanatiuze kuti akuchita zimenezi kuti tiwayamike, ndipo zambiri tinazimva pambuyo pake kwa anamwino anzake, amene ena mwa iwo ali muno. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa mafunso. Alamu, pa zimene munachitira mlongo wanga ndi amayi anga masiku amenewo, ndikuthokozani pamaso pa makolo anu amene anakulerani motero.

Pa chinkhoswe paja tinayesabe kuwavutitsa pang'ono monga mwambo ufunira. Tinawabweretsera atsikana atafunda zitenje kumutu, ndipo azakhali anasankha mwadala amsinkhu wofanana ndi Tadala. A Yamikani sanataye nthawi, ndipo titawafunsa pambuyo pake anati anamuzindikira ndi kayendedwe, chifukwa ndi yekhayo amene ankayenda mofulumira ngati akuthamangira wodwala. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, alamu analandira khasu ndi nkhwangwa, ndipo nkhwangwayo tikudziwa kale kuti amaitha. Chotsala chimodzi chokha chimene ankhoswe sanathe kuchikonza ndi nkhani ya mpira. Kwathu tonse ndife a Bullets, pamene alamu ndi a Wanderers, ndipo ndapempha kuti nkhani imeneyi tiisiye kaye mpaka ana adzabadwe, popeza mwa mwambo wathu wa Achewa malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake.

Mawu amenewo ndawanena moseka, koma udindo wake ndimautenga ndi mtima wonse. Kwathu mlongo ndi ana ake ndi mbumba ya mchimwene, ndipo ukwati suthetsa zimenezo. Tanthauzo lake kwa ine si kulowerera za m'nyumba mwanu. Akulu anati banja ndi anthu awiri, ndipo ine sindidzakhala wachitatu. Mukasemphana mawu, monga amasemphanirana anthu onse okhala pamodzi, yambani mwakhala pansi awiri, ndipo zikakula pitani kwa ankhoswe amene aikidwa chifukwa cha ntchito imeneyo, nkhani isanafike pa foni ya wina aliyense. Koma pa matenda, pa maliro, pa fizi ya mwana, pa chaka chimene mvula yavuta, dziwani kuti muli ndi mchimwene, ndipo ndikunena kwa nonse awiri. A Yamikani, inu munabadwa nokha mwamuna pakati pa alongo anayi, ndipo kuyambira lero musanenenso kuti mulibe mchimwene.

Kwa bambo ndi mayi a mkwati, tikukuthokozani chifukwa cha mmene munalandirira mwana wathu pamene anabwera kudzakuonani ku Nkhotakota. Anabwerako akusimba za chambo, za kondowole amene anaphunzira kuphika, ndi za mayi amene anamutcha mwana wawo kuyambira tsiku loyamba. Tikupemphani kuti mupitirize kumusunga motero. Ntchito yake ndi ya usiku ndi ya maholide, ndipo padzakhala masiku a zikondwerero amene sadzaoneka pakhomo panu. Musadzaganize kuti wakunyozani, adzakhala ali pambali pa bedi la mwana wa munthu wina.

Amayi, tsiku ili ndi lanu. Munadzuka m'bandakucha zaka zonsezi, munakana kuti mwana wanu asiye sukulu pamene kukana kunali kovuta, ndipo lero taonani khamu limene labwera chifukwa cha iye. Bambo akanakhalapo akanakhala pambali panupo atavala jekete lawo la Lamulungu, ndipo akanavina kuposa tonsefe.

Tadala, mlongo wanga, wasamala anthu ambiri pa moyo wako, ndipo pempho langa kwa iwe ndi limodzi: ulole kuti nawenso usamalidwe. Ukabwera kuntchito utatopa, amuna ako akakuuza kuti khala pansi ndiphika ndine, ukhale pansi ndithu, usaimirire pakhomo la khitchini kuwerenga mchere. Ukadwala unene, ukasowa unene. Wapeza munthu amene anaima pa geti m'mvula chifukwa cha iwe asanalumbire chilichonse pamaso pa abusa, ndipo lero walumbira. Ndimakunyadira kwambiri, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Mulungu adalitse nyumba yanu, akupatseni mtendere, thanzi ndi ana, ndipo akupatseni zaka zambiri limodzi. Tsopano ndikupempha abale onse a ku Dedza kuti muimirire, amayi muimbe nthungululu, chifukwa perekaniperekani tiyamba ndife a kuchikazi, ndipo a ku Nkhotakota akonzeke kutiyankha. Woimba, tipatseni nyimbo. Zikomo kwambiri.