Kalata yofunsira ukochi wa timu ya ana asukulu

Bangwe, Blantyre
3 Febuluwale 2025

Kwa a Hedi,
kudzera kwa a Tcheya a komiti ya sukulu

Okondedwa a Hedi,

KUFUNSIRA MWAYI WOPHUNZITSA TIMU YA MPIRA YA PASUKULU PANU

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi aziphunzitsi onse. Dzina langa ndine Lameki Chikaonda, ndili ndi zaka 41, ndimakhala kuseri kwa galaundi yanu komweko pa nyumba ya geti yobiliwira ija, mwina mumandiona madzulo nditakhala pa chitsa cha bulugama kumaonerera ana akumenya chikulunga. Ndamva pa msonkhano wa makolo Lachisanu lapitali kuti a sipotsi masitala anasamutsidwa teremu yatha ndipo timu ilibe oiyang'anira, ndiye ndati ndisangokhala phee, ndilembe kalata ndipemphe kuti mundipatse ana amenewa ndiziwaphunzitsa ineyo. Pepani Chichewa chake ndi cholankhula, kulemba makalata a mu ofesi sindinazolowere.

Ineyo mpira ndasewera zaka 13, kuyambira 2001 mpaka 2014. Ndinayambira matimu a m'makwalala konkuno, kenako ligi ya m'chigawo cha kummwera, kenako masizoni anayi mu Supa Ligi. Ndinkasewera pakati, nambala 6, nthawi zina akochi akapanikizika ankandibweza kumbuyo ngati difenda. Maina a matimu ndi zaka zake ndalemba pa pepala lina lomwe ndamata kumbuyoku, pamodzi ndi fotokope ya setifiketi ya kosi yoyambira ya ukochi ya FAM komanso kalata ya abusa a kumpingo kwathu. Sindinavalepo jezi ya Flames ayi, ndisakunamizeni, koma ndaseweramo mu Kamuzu Stadium itadzaza tikukumana ndi Bullets komanso Manoma, ndiye phokoso la masapota ndikulidziwa, mantha amene amakugwira miyendo ukamatuluka mu direselumu ndikuwadziwanso.

Koma chandipangitsa kulemba kalatayi kwenikweni si mbiri imeneyo. Ine a Hedi sukulu ndinalekezera fomu 2 chifukwa cha mpira womwewu. Anthu ankandiyamikira m'misewu, akuluakulu a timu amandigwiritsa ka 200 kwacha gemu ikatha, nthawi imeneyo zinali ndalama ndithu, basi ine mutu kutupa kumaona ngati makope akundichedwetsa. Mayi anga analira koma sindinamve. Mu 2014 bondo lakumanja linaduka mtsempha pa gemu ina ya mvula, munthu sanandipondenso ayi ndinangopotokoka ndekha pa matope, ndipo chichokereni tsiku limenelo foni yanga inasiya kuitana. Timu yomwe ndinkasewera inandiperekeza kuchipatala kamodzi kokha, bonasi ya magemu asanu ndi limodzi mpaka lero sindinaione. Ndinabwerera kunyumba ndi ndodo, mabutsi awiri ndi zithunzi, pepala la sukulu ndilibe. Lero ndimawotcherera mageti ndi mafelemu pa kashedi kanga pafupi ndi msika, ntchito yomwe ndaphunzira nditakula kale, mwana wa mlongo wanga ndi amene amandiwerengera makotesheni akabwera m'Chingerezi. Ndiye ndikamaona tianyamata ta sitandade 6 ndi 7 tikujomba kalasi n'kumakachita kubetcherana ma 100 kwacha kudambo, ndimadziona ndekha, mtima umandiwawa zedi.

Lamulo langa loyamba mukandilola likhala limeneli: amene wajomba kusukulu tsiku limenelo asabwere ku tileningi, amene wajomba kawiri pa sabata gemu ya Loweruka aionerera ali panja, kaya akhale wogoletsa zigoli zonse za timu. Ndidzapempha aziphunzitsi a makalasi azindionetsa rejisitala Lachisanu lililonse. A sitandade 8 teremu ino ndi yawo yokonzekera mayeso, amenewo azibwera kamodzi pa sabata basi kudzangowongola miyendo, mpira sukuthawa.

Nkhani ya mpira weniweniwo, ana anu luso ali nalo, ndakhala ndikuwaona. Pali kena kamanzere kafupi kamene kamavala juzi yofiira ngakhale kutenthe, kameneko mpira umakamvera. Vuto ndi loti palibe anawauzapo zinthu zing'onozing'ono. Onse amathamangira komwe kuli mpira ngati nkhuku pa madeya, kupatsirana ndi chala chachikulu, mpira ukamabwera maso ali pansi osayamba wayang'ana kuti mnzanga ali kuti, kuponya kwa pambali phazi lili m'mwamba, goloboyi amasankha amene ali wonenepa kapena amene sakumufuna mkati. Komanso galaundi yonse ija ana a zaka 10 kumasewera 11 kwa 11, mwana amatha mphindi 20 osaukhudza mpira, aphunzira chani pamenepo? Ine ndimafuna kuidula galaundiyo tizigawo, anayi kwa anayi, asanu kwa asanu, magolo ake timiyala kapena mabotolo a mchenga, aliyense aukhudze mpira kambirimbiri, aphunzire kulandira ndi mkati mwa phazi, kumenya ndi mwendo umene sauzolowera, kutchinga munthu osamugwetsa. Zomawathamangitsa kuzungulira galaundi ka 15 dzuwa lili pamutu ine ayi, zinatipweteka ife zimenezo, mwana amalimba akusewera.

Ndondomeko yake ndaganiza kuti ikhale Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kuyambira 3 koloko mpaka hafu 4, kuti afike kwawo kusanade akathandize ntchito zapakhomo ndi kulemba homuweki. Magulu awiri, osapitirira zaka 12 ndi osapitirira zaka 14. Lachitatu ndikufuna likhale la atsikana, ndipo pamenepa ndipempha mundipatse amadamu m'modzi azikhalapo nthawi zonse, ine sindingakhale ndekha ndi ana aakazi a eni, ngakhale anyamata omwe ndikufuna mphunzitsi kaya kholo lizikhala pompo poonekera. Ena pa msonkhano paja anaseka nkhani ya atsikana koma aiwala kuti Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, lero dziko lonse likuwadziwa, Temwa chaka chathachi wagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America, ndipo ma Scorchers ndi amene anatibweretsera kapu ya COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo. Ndani akudziwa, mwina wina ali mu sitandade 5 pasukulu panu pomwepa akungosesa kalasi.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna ndinene poyera lero lomwe kuti tisadzakangane kutsogolo. Choyamba ndi zobera zaka. Tonse tikudziwa zimene zimachitika mipikisano ya masukulu ikayamba, mumangoona mu timu ya osapitirira 14 mwalowa munthu wandevu amene amapalasa kabaza pa siteji, yunifolomu yobwereka yosafika ndi pamchombo pomwe. Ine zimenezo sindidzapanga, ngakhale komiti itandikakamiza. Bola tikagonje 5-0 ndi ana athu enieni olembedwa mu rejisitala, chifukwa mwana amene mwamukhazika pa benchi kuti alowe wobwerekayo ndi amene mwamuphera tsogolo. Chachiwiri ndi zamankhwala. Ndaziona zambiri m'matimu, kudumpha mpanda kukana kulowera pa geti, kuwaza madzi pagolo, kugona kumanda usiku woti mawa gemu, ndipo tinkagonjabe bwinobwino. Ana a eni ndisawaphunzitse zimenezo, tizipemphera tisanayambe basi aliyense mwa chipembedzo chake, pasukulupa pali Akhristu ndi Asilamu ndikudziwa.

Komanso sinditukwana mwana, sindimenya. Ife tinakula ndi akochi okuwa, ukaphonya pasi akutchule ndi mayi ako omwe, mapeto ake umayamba kuuthawa mpira kuti usalakwitse.

Za zipangizo musade nkhawa kwambiri. Ndili ndi mipira itatu, umodzi ndi wosokasoka koma ukugwira ntchito, pampu, wenzulo ndi makoni 12 omwe ndinadula ku zigubu. Magolo aja apendekeka ndipo lakumtunda lathyoka pa kona, amenewo ndiwotcherera ndekha ulere mukangondigulira ndodo zowotcherera paketi imodzi. Udzu wakula ndi mvulayi komanso madzi akumba ngalande pakati penipeni, tingapemphe makolo Loweruka limodzi abwere ndi zikwakwa, makasu ndi mawilibala, ndalankhulapo kale ndi anzanga angapo amene tinkasewera limodzi akuti abwera. Chomwe ndingapemphe kusukulu ndi mipira ya saizi 4 iwiri kaya itatu chifukwa ya saizi 5 imawalemera ang'onoang'ono, ndowa ya madzi akumwa, ndi kabokosi ka bandeji ndi sipiriti. Majezi tidzaona pang'onopang'ono, poyamba angamasewere ena ovala malaya ena atapinda mikono.

Malipiro sindikuikani pampanipani, ndikudziwa mmene thumba la sukulu ya boma lilili. Teremu ino ndigwira mongodzipereka kuti mundione kaye kagwiridwe kanga. Ikatha tidzakhale pansi ndi komiti, ngati mwakhutira mudzaone kangachepe ka sopo komwe mungakwanitse pamwezi, ndi thiransipoti tikamapita kukasewera kutali. Ngati simunakhutire mudzandiuze mosabisa, sindidzadandaula, magolo owotchererawo adzakhala anu ndithu.

Makapu sindikulonjeza chaka chino. Ndinali mu sitediyamu mu 2008 tsiku lomwe Chiukepo Msowoya anagoletsa Egypt kumapeto kwenikweni tikuwina 1-0, ndipo mu 2010 tinachinya Algeria 3-0 ku Angola Kinnah Phiri ali kochi, anyamata amene anachita zimenezo sanagwe kumwamba, anayambira pa magalaundi a fumbi ngati yathuyi pali munthu wina amene anawataira nthawi. Chimene ndingalonjeze ndi choti pofika Julayi ana 40 adzakhala akudziwa kulandira mpira n'kudzutsa mutu, ndipo mukadzatsegula rejisitala mudzapeza kuti ojomba achepa.

Ngati mungafune kundiyesa, ndipatseni ana 20 Lachitatu likubwerali kwa ola limodzi, inu ndi a Tcheya mukhale pa mthunzi muonere. Mukandifuna tumani mwana aliyense ku shedi ya owotcherera pafupi ndi msika, angofunsa kuti a Sikisi ali kuti, ndi dzina lomwe anthu anandizolowera nalo. Ndimapezeka kuyambira 7 koloko m'mawa kupatula Lamulungu.

Zikomo kwambiri pondiwerengera kalata yaitali chonchi.

Ine wanu,
Lameki Chikaonda