Nkhani yophunzirira: Tadala, mwana wa miyezi 20 wotupikana chifukwa chonyentchera

Tadala (dzina talisintha) adafika kuchipatala china chaching'ono m'boma la Dedza mu Febuluwale, chimanga chisanakhwime, ali kumbuyo kwa agogo ake. Agogowo adati mwanayu wakhala akutupa mapazi kwa sabata ziwiri, akutsegula m'mimba masiku anayi ndipo akukana phala. Kwawo anthu ankati ndi tsempho.

Kuyeza ndi kufunsa

Pasikelo adalemera 7.6 kg. Msinkhu, woyezedwa atagona pathabwa poti sanakwane zaka 2, udali 78 cm. Tepi ya MUAC, yoyezera kukula kwa mkono, pakati peniyeni pa phewa ndi chigongono cha mkono wamanzere, idawerenga 11.2 cm, pofiira. Woyeza atadina ndi zala zazikulu pamapazi onse awiri kwa masekondi 3, padatsala timaenje, chimodzimodzinso pamisongolo ndi kumbuyo kwa manja, koma nkhope idalibe kanthu. Kutupa kotere timakulemba ++. Tsitsi lidali lofiirira, lothothoka ukangolikoka pang'ono, ndipo m'kamwa mudali zoyerayera ngati mkaka wowundana. Thupi lidatentha 36.1°C, shuga wa m'magazi 3.8 mmol/L, Hb, yosonyeza kuchuluka kwa magazi, 8.4 g/dL. Malungo ndi HIV sizidapezeke.

Apa wophunzira aime kaye. Patchati ya WHO, mtsikana wa 78 cm amalowa m'munsi mwa -3, mzere wa kunyentchera kwambiri, akapepuka kuposa 7.5 kg. Tadala adali pamwamba pang'ono pa mzerewo, choncho wodalira sikelo yokha akadamulemba kuti ndi wonyentchera pang'ono nkumupatsa Likuni Phala. Koma zina mwa zomwe sikelo idayeza ndi madzi. Kutupa kwa mapazi onse awiri pakokha kumakwana kuti mwana alembedwe kuti wanyentchera kwambiri, sikelo inene zotani.

Mbiri ya kadyedwe idatuluka pang'onopang'ono, agogo atakhala pansi nkuona kuti palibe akuwadzudzula. Tadala adasiyitsidwa bere tsiku limodzi ali ndi miyezi 16, mayi ake atazindikira kuti ndi oyembekezera, poopa kuti mkakawo umudwalitsa, ndipo adakamusiya kwa agogo komwe kuli ana ena atatu. Dzulo lake adamwa phala lamadzimadzi la ufa woyera lothira mchere m'mawa, masana adatema nsima kawiri nkunyika mu msuzi wa nkhwani, madzulo thobwa. M'masiku abwino amadyera mbale imodzi ndi anzake akuluakulu. Mwa magulu 6 a zakudya, ankalandira awiri okha, zokhutitsa ndi zamasamba. Nsinjiro, mafuta, mazira ndi usipa adazilawa komaliza pa Khirisimasi.

Poyesa chilakolako cha chakudya adamupatsa chiponde cha kuchipatala cha ana onyentchera pamalo a phee, agogo atamuika pamiyendo, madzi akumwa ali pafupi. Adanyambita kamodzi nkutembenuza mutu, ndipo patatha mphindi 30 paketi idali momwemo.

Vuto lomwe lidapezeka

Loyamba: kunyentchera kwambiri kwa mtundu wotupikana, kochokera ku kusiyitsidwa bere mwadzidzidzi, chakudya chosakwanira ndi kutsegula m'mimba, koonekera pa kutupa ++, MUAC 11.2 cm ndi kukana chiponde. Lachiwiri: kudya moperewera mphamvu ndi zomanga thupi, chifukwa cha phala lochepa mphamvu, kudyera mbale imodzi ndi zilonda za m'kamwa, koonekera pa magulu awiri okha a zakudya ndi kudya katatu patsiku.

Kutupa ++ kokha sikukadamugoneka m'chipatala. Chomwe chidamutumiza ku NRU, wodi yogonekamo ana onyentchera, ndi kutupako pamodzi ndi MUAC yofiira, komanso kukana kudya, chifukwa mwana wosadya chiponde pamaso panu sakachidyanso kunyumba.

Chithandizo

Masiku oyamba cholinga sikunenepetsa mwana ayi. Mtima, chiwindi ndi impso zake zazolowera kugwira ntchito pang'onopang'ono, m'thupi muli sodiyamu wambiri koma potaziyamu ndi maginiziyamu zachepa, ndipo chakudya champhamvu chikabwera mwadzidzidzi mtima ungaleke kupopa bwino. Nchifukwa chake adayamba ndi mkaka wa F-75, womwe pa 100 ml uli ndi makalori 75 ndi zomanga thupi 0.9 g zokha. Kawerengedwe kake:

130 ml × 7.6 kg = 988 ml patsiku

Atagawa kasanu ndi katatu, zidakhala 125 ml maola atatu aliwonse, usana ndi usiku. Zimenezi ndi pafupifupi makalori 100 pa kilogalamu iliyonse. Ankamwera m'kapu, zotsala zikuyezedwa nkulembedwa patchati. Akadamwa zosakwana 790 ml patsiku, omwe ndi 80 peresenti, akadaikidwa kachubu ka pamphuno. Sizidafike pamenepo. Mkaka wa pakati pausiku ndi umene umakonda kudumphidwa, anthu atatopa, ndipo ndi nthawi yomwe shuga amatsika, thupi nkuzizira. Agogo adapatsidwa bulangete, nkuuzidwa kuti azigona naye khungu ndi khungu.

Dokotala adalemba amokisilini ngakhale mwana sankatentha thupi, poti mwana wotere amabisa matenda, komanso nisitatini wa m'kamwa. Akatsegula m'mimba ankamwa 50 ml ya ReSoMal, ORS ya ana onyentchera kwambiri, m'malo mwa Thanzi ORS wamba, yemwe mchere wake ndi wochuluka kwa mwana wotupa. Zinthu zitatu zidaletsedwa: dilipi, mankhwala okodzetsa ofuna kuphwetsa kutupa, ndi ayironi. Hb ya 8.4 imakopa munthu kupereka ayironi, koma pa nthawiyi thupi silingamugwiritse ntchito, amangolimbikitsa mabakiteriya.

Tsiku lachisanu Tadala adayamba kulirira kapu, kutupa kutatsikira kumapazi okha. Adayamba kumupatsa chiponde nthawi iliyonse yakudya, nkumawonjezera F-75 akalephera kumaliza. Mulingo womwe ankafuna kufikapo, sikelo itatsikira pa 7.1 kg:

200 × 7.1 kg = makalori 1,420 patsiku

Paketi ya 92 g ili ndi makalori 500, ndiye mapaketi 3 patsiku, 21 pasabata. Tsiku la 10 kutupa kudatheratu, akudya mapaketi oposa awiri ndi theka, ndipo adatumizidwa ku OTP, komwe mwana amalandira chiponde akukhala kunyumba, atamwa alubendazo 200 mg wa njoka za m'mimba.

Ndi agogo, anamwino sadakangane nawo za tsempho. Adangowaonetsa mapazi a mdzukulu wawo tsiku ndi tsiku akuphwa ndi mkaka. Uthenga udali waufupi: chiponde ndi mankhwala a Tadala yekha, chisasungunulidwe m'madzi kapena m'phala, adye chimenecho choyamba, madzi owiritsa azikhala pafupi.

Kulondoloza

Sikelo idatsika kuchoka pa 7.6 kg kufika pa 7.1 kg tsiku lachisanu ndi chimodzi. Kutsika kumeneku nkwabwino, ndi madzi akuchoka, ndipo 7.1 kg ndiye kulemera kwake kwenikweni, m'munsi mwa -3. Kukwera konse kumawerengedwa kuchokera pamenepa, osati pa sikelo ya tsiku lolowa.

Ku NRU adatuluka tsiku la 10 ndi 7.3 kg. Tsiku la 17 adafika 7.6 kg, kutanthauza 300 g ÷ (7.3 × 7), pafupifupi 5.9 g pa kilogalamu patsiku. Tsiku la 24 ndi la 31 sikelo idaima pa 7.6 kg, MUAC pa 11.4 cm. Kutupa kunalibe, thupi silinkatentha, chifuwa analibe, ndipo pachipatala chiponde ankachidya mosusuka. Mwana wodya chonchi koma osakwera, funso lili kunyumba. Mlangizi wa zaumoyo atapitako adapeza mapaketi 21 atatha tsiku lachinayi: agogo ankagawira ana onse anayi, poti sakadatha kudyetsa mmodzi ena akuyang'ana ndi njala. Kuwakalipira sikukadathandiza. Adagwirizana kuti Tadala azidya chiponde anzake akamadya phala lawo, ndipo nkhani ya banjali idaperekedwa kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti liganiziridwe pa thandizo la chakudya.

Tsiku la 38 adalemera 7.9 kg. Tsiku la 59 MUAC idafika 12.5 cm, la 66 idafika 12.6 cm, akulemera 8.9 kg, wopanda kutupa. Kuchokera pa 7.1 kg, ndi 1,800 g ÷ (7.1 × 60), pafupifupi 4.2 g pa kilogalamu patsiku. Sabata ziwiri zoima zija ndizo zidatsitsa chiwerengerochi. Adatulutsidwa mu OTP nkulembedwa kuti azilandira Likuni Phala. Agogo adaphika pamaso pa mlangizi phala la mgaiwa lolimba losayenderera pasupuni, lothira nsinjiro masupuni awiri ndi mafuta supuni imodzi yaing'ono, nalonjeza kuti Tadala azikhala ndi mbale yakeyake, kudya kasanu patsiku. Mayi ake, omwe ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, adaitanidwa kusikelo ya amayi kuti nawonso ayezedwe MUAC, ndipo mlangizi adzapitanso kunyumbako pakatha sabata ziwiri ndi tepi yake.