Kalata yopempha eni nyumba kuti akonze magetsi

Fulati nambala 3
Katoto
Mzuzu

14 Julayi 2025

Okondedwa Bambo Kamanga,

PEMPHO LOTI MUKONZETSE MASOKETI NDI MAWAYA A MAGETSI M'FULATI NAMBALA 3

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi ndi ana kunyumbako. Ife kuno tadzuka, kungoti tulo sitikuliona bwino chifukwa cha nkhani imene ndikulemberayi. Tinayankhulana kale pafoni pa 18 Juni, ndipo pa 2 Julayi ndinakutumizirani zithunzi pa WhatsApp. Munandiyankha kuti mutumiza munthu. Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, koma ndaona kuti ndi bwino ndilembe kalata kuti zonse zikhale papepala, chifukwa zimene zachitika sabata yathayi zaposa zija ndinakuuzani pafoni.

Lachitatu pa 9 Julayi, cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndinalumikiza ketulo pa soketi ya kukhitchini, ija ili pafupi ndi sinki, kuti nditenthetse madzi osamba ana. Mukudziwa mmene Mzuzu amazizirira mwezi uno, mwana sungamusambitse madzi a pampopi. Nditangodina siwichi ndinamva kuti thethethe mkati mwa khoma, kenaka moto wabuluu unatulukira m'mbali mwa pulagi. Ndinathamangira kukazimitsa pa bokosi la mafyuzi lija lili m'khonde. Pobwerera ndinapeza khitchini yonse ikununkha pulasitiki wopserera, soketi yasanduka yakuda mbali imodzi, ndipo phini limodzi la pulagi lamatirira moti polizula linachoka ndi kachidutswa ka soketi. Khoma linali lotentha mpaka patapita mphindi zingapo. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti fyuzi sinaduke. Moto wonsewo unayaka magetsi akuyendabe, mpaka ndinazimitsa ndi dzanja langa.

Soketi ya pabalaza, kuseri kwa wailesi ya kanema, nayo yakhala ikuthetheka kuyambira mwezi wa Meyi. Ya kuchipinda kwa ana inagwedera, ukamazula pulagi imatuluka m'khoma ndi mawaya ake. Mwana wanga wamng'ono, Tadala, ali ndi zaka 3, ndipo soketiyo ili pa msinkhu wa manja ake. Ndinaimata ndi tepi n'kukankhirapo wodilopu. Palinso pampopi wa kubafa: kawiri konse mtsikana amene amandithandiza ntchito wandiuza kuti madzi amamuluma akagwira mpopi ndi manja onyowa giza ili yoyatsa. Poyamba ndinkaganiza kuti akungoopa, mpaka ndinagwira ndekha.

Loweruka pa 12 Julayi ndinaitana mmisiri wa zamagetsi, bambo wina wa ku Chibavi amene timapemphera naye, kuti angoona chabe. Ndinamuuza kuti asasinthe kanthu chifukwa nyumba si yanga, ndipo anangomasula masoketi atatu ndi siwichi imodzi, kenaka n'kukwera m'siling'i ndi tochi. Ndinamulipira K15,000 ya m'thumba mwanga, ndipo ndalama imeneyi sindikuitanitsa.

Bambo, ndikanakonda mukanakhalapo pamene anamasula soketi ya kukhitchini ija. Atangogwira waya ndi zala ziwiri, chokutira chake chinanyenyeka n'kugwera pansi ngati nkhoko zouma za m'poto, waya n'kutsala pamtunda. Anayesa kudula kumapeto kuti apeze pabwino, koma paliponse pamene ankapinda pankang'aluka. Anandisonyeza kuti waya wofiira ndi wakuda anatsala pang'ono kukhudzana, pakati pake pangotsala mwaye. Zomangira za mkati mwa soketi zinali zolefuka ndiponso zadzimbiri. Anandifotokozera kuti pamene waya sanamangike bwino pamatentha magetsi akamadutsa, kutenthako kumaumitsa chokutira, chokutira chikauma chimasweka, ndiye moto umayamba kudumpha. Ketulo yanga ndi ya mawati 2,000, ndipo pa magetsi athu a mavoti 230 imakoka pafupifupi maampu 9. Pulagi yake ndi ya maampu 13. Soketi yabwino siyenera kudandaula ndi ketulo ngati imeneyi, choncho vuto si katundu wanga. Ndanena zimenezi chifukwa tsiku lija pafoni munafunsa ngati sindikuchulukitsa zinthu pa soketi imodzi. Funsolo linali loyenera, koma yankho lake ndi ayi.

M'siling'i anapezamo zoipa kuposa apa. Mawaya ena angoyalidwa pa matabwa opanda mapaipi, olumikizidwa pongopotokola n'kukulunga tepi, ndipo tepiyo inamatuka kalekale. Ena makoswe anawadya. Pamwamba pa khitchini pali malo amene malata amadontha, paja ndinakuuzani mu Febuluwale mvula ili pachimake, ndipo madziwo amagwera ndendende pa mfundo ya mawaya. Waya wa efi, uja umatengera magetsi osochera kupita m'nthaka, anaupeza woduka kunja pafupi ndi mita. N'chifukwa chake mpopi wa kubafa ukuluma. Za fyuzi yosaduka ija, anapeza kuti wina kale anachotsa kawaya kopyapyala ka fyuzi n'kuikapo waya wokhuthala wa kopa, mwina atatopa ndi kusintha pafupipafupi. Waya wotero sungaduke msanga. Chimayamba kupsa ndi chimene chili m'khoma.

Sindikuloza chala inu pa zimenezi. Ndikudziwa kuti nyumbayi munaigula ili yomangidwa kale, ndipo za m'siling'i palibe amene amaziona pogula nyumba. Zambiri zinachitidwa ndi alendi akale ndi amisiri a mumsewu. Koma tsopano tonse tazidziwa.

Chimene ndikupempha kwenikweni ndi ichi: musangotumiza mnyamata ndi masoketi atatu atsopano. Chaka chatha mu Okutobala soketi ya pabalaza inasinthidwa, ndipo sinathe miyezi isanu ndi iwiri isanayambenso kuthetheka, chifukwa soketi yatsopano inamangidwa pa waya wakufa yemwe uja. Ndalama ija inangopita pachabe. Pakufunika kuti mawaya onse a m'fulati muno achotsedwe n'kuikamo atsopano odutsa m'mapaipi, bokosi la mafyuzi lichoke paikidwe la mabuleka, pakhalenso buleka ija imadzizimitsa yokha munthu akagwidwa nyesi, ndipo waya wa efi ulumikizidwenso bwino. Malata odontha aja akonzedwe nthawi yomweyo, apo ayi mvula ikayamba tidzabwerera pomwepa. Ndikupemphanso kuti ntchitoyi igwiridwe ndi mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, kuti pomaliza ayeze ndi makina ake ndipo atisiyire pepala. Sindikukakamira kuti akhale amene ndinaitana ine. Ngati muli ndi wanu amene mumamukhulupirira, abwere adzaone yekha ndi kukupatsani kotesheni yake. A ku Chibavi aja anati akhoza kulemba yawo mukafuna kuti mufananitse, ndipo ntchito yonse akuti ingatenge masiku anayi.

Mwina mungaganize zoti tiuze a ESCOM. Ndinafunsa, ndipo mbali yawo imathera pa mita. Za kuyambira pa mita kulowa m'nyumba ndi za mwini nyumba. Pa mgwirizano umene tinasainirana pa 1 Marichi 2023, ndime 6 ikunena kuti mlendi azisintha mababu ndi zing'onozing'ono zimene wawononga yekha, koma denga, mipope ndi mawaya a magetsi ndi za inu. Ine mbali yanga ndayesetsa. Lendi ya K180,000 ndakhala ndikupereka tsiku la 5 lisanakwane mwezi uliwonse, ndipo malisiti ndili nawo.

Pakali pano tikukhala movutika. Mmisiri uja anandilangiza kuti ndisagwiritsenso ntchito masoketi a kukhitchini ndi giza, ndipo anachotsa mafyuzi ake. Tikuphika ndi kutenthetsa madzi pa mbaula pakhonde, mayunitsi ali mu mita koma ndikugula makala, ndipo mtengo wa thumba la makala masiku ano mukuudziwa. Fuliji ndaisamutsira kuchipinda kwanga pa soketi imodzi yokha imene anati ikadali bwinoko. Usiku ndimazimitsa magetsi onse pa bokosi tisanagone, ndiye fuliji imagona yozima, ndipo nsomba zimene ndinagula ku Nkhata Bay ndagawira anansi zisanaonongeke. Mwana wanga wamkulu ali Sitandade 7 ndipo akuwerenga ndi tochi ya pafoni. Ndikapita kuntchito mtima umakhala kunyumba. Magetsi akazima masana n'kubweranso ine kulibe, ndimaimba foni kufunsa ngati sakumva fungo lachilendo.

Ndiyeneranso kukukumbutsani mmene nyumbayi inamangidwira. Ndife mabanja anayi, awiri pansi awiri pamwamba. Ife a pamwamba tili ndi masitepe amodzi okha otsikira, ndipo mawindo onse ali ndi zitsulo. Siling'i yathu ndi ya fulati nambala 4 ndi imodzi, palibe khoma lolekanitsa m'mwambamo, ndipo matabwa ake ndi ouma gwa. Moto utayambira m'siling'i usiku, ozimitsa moto a khonsolo angafike anthu tili kale pamavuto. Mayi a ku nambala 4 ali ndi khanda la miyezi iwiri. Iwo anandiuza kuti mababu awo amaphethira akayatsa simbi, koma akuopa kukuuzani poganiza kuti mukweza lendi. Ine ndawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo andilola kuti nditchule. Mmisiri akabwera, chonde aonenso mafulati enawo.

Ndikumvetsa kuti ndalama ya ntchito ngati imeneyi siipezeka tsiku limodzi, makamaka mmene mitengo ya waya yakwerera m'mashopu a m'tauni muno. Ngati zingakuthandizeni, ndine wokonzeka kupereka lendi ya Ogasiti ndi Seputembala pamodzi kumapeto kwa mwezi uno kuti mugulire zipangizo. Kapena mukalola, ndikhoza kulipira mmisiri ndekha n'kudzachotsa pa lendi, koma pokhapokha mutandilembera kuti mwavomera ndiponso mutaona kotesheni, kuti mawa tisadzasiyane mawu. Lendi sindiimitsa pandekha. Ngati ntchito yonse singatheke nthawi imodzi, ayambe ndi bokosi la mabuleka, waya wa efi, khitchini ndi chipinda cha ana, zotsalazo amalize mwezi wamawa.

Ndikupempha kuti mundiyankhe pofika Lachisanu pa 18 Julayi, ndipo mundiuze tsiku limene mmisiri adzabwere kudzaona. Ndikanakonda ntchito itayambika mwezi uno usanathe. Ine ndimaweruka 4 koloko madzulo, ndipo Loweruka ndimakhala pakhomo tsiku lonse. Masiku ena makiyi ndikhoza kusiya kwa a Phiri, alonda athu. Ngati mungapeze mpata wobwera nokha, zingakhale bwino koposa. Soketi yopserera ija ndi zidutswa za waya ndazisunga m'jumbo kuti mudzazigwire ndi manja anu.

Pamodzi ndi kalatayi ndaikamo zithunzi zisanu ndi chimodzi, zitatu za masoketi, ziwiri za m'siling'i ndi chimodzi cha fyuzi ija, komanso pepala limene mmisiri analembapo zimene anapeza. Kope la kalatayi ndasunga.

Mupereke moni kwa mayi.

Ine mlendi wanu,

Mayi Lonjezo Kachingwe
Fulati nambala 3