Kukonza bilu yanu ya Okutobala

Zikomo Mayi Banda,

Ndalandira imelo yanu ya Lolemba ndipo mwanena zoona. Bilu yanu ya Okutobala inalakwika, tinawerengera kawiri ndalama ya intaneti ya mwezi umodzi. Izi zinachitika pamene tinkakusinthirani phukusi pa 3 Okutobala, lakale silinatsekedwe. Pepani chifukwa cha vutoli.

Phukusi lakalelo talitseka tsopano. Ndalama yomwe munalipira mopitirira tibweza ku akaunti yanu ya kubanki pofika Lachisanu, ndipo bilu yokonzedwa ndaiphatikiza pa imelo ino. Palibe fomu yoti mulembe.

Ngati ndalamayo siioneka pofika Lachisanulo, mungoyankha imelo yomwe ino. Ifikira ine, simudzafunika kufotokozanso nkhaniyi kwa munthu wina.

Ine wanu,
Chikondi Phiri
Ofesi yoona za mabilu